Masabata atatu a Utaka

Mayi anga atamwalira, katundu wawo adagawidwa tsiku limodzi. Zitenje zidapita kwa azilongo anga, mapoto adatenga azakhali, ine ndidatsala ndi mkeka womwe ankaswalirapo. Pa kugawa konseko palibe adatchula za mphaka, pakuti mphaka salembedwa pa mndandanda wa chuma cha masiye. Komabe alendo onse atabalalika, pa khonde padatsala Utaka, mphaka wamkazi wotuwa wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi, atakhala pomwe mayi ankakhala akamasankha mpunga. Mwana wanga wamkazi, yemwe nthawiyo adali mu Sitandade 4, adamunyamula n'kunena kuti, “Ababa, uyutu ndi wa agogo.” Kuyambira tsiku limenelo ndidadziwa kuti mphakayo akadzasowa, m'nyumba mwathu mudzagwa maliro achiwiri.

Patapita miyezi isanu, eni nyumba yomwe tinkachita lendi ku Chinamwali, mu mzinda wa Zomba, adatiuza mwaulemu kuti akuifuna nyumba yawo. Tidapeza ina ku Matawale, mtunda woti munthu wa miyendo yabwino sangathe ola limodzi akuyenda wapansi. Mayi a kunyumba adakondwera ndi kufupikako poganizira mtengo wa lole. Ine mtima udali m'mwamba, chifukwa ndidali nditatayapo kale mphaka pa msamuko.

Zidachitika m'chaka cha 2014. Mphaka wa nthawi imeneyo ndidamuika m'thumba la ufa, n'kumanga kukamwa kwa thumbalo, n'kuliponya pamwamba pa matilesi kumbuyo kwa galimoto. Titafika ndidamasula thumba pabwalo, anthu akutsitsa mabedi, ana akukuwa. Mphakayo adatuluka ngati muvi, nadumpha mpanda, ndipo sitidamuonenso. Kwa zaka zambiri ndinkati adali mphaka wosayamika. Ndidazindikira mochedwa kuti wolakwa ndidali ine.

Amene adanditsegula maso ndi bambo wina wachikulire yemwe timaswali naye mzikiti umodzi, amene adagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto mpaka kupuma. Ndidamufotokozera nkhawa yanga titatuluka m'swala ya Ijumaa. Iye adati galu amatsata munthu, koma mphaka amagwira malo, ndipo amawagwira ndi mphuno. M'masaya mwake, pachibwano, pamphumi ndi kunsi kwa mapazi ake mumatuluka fungo lomwe ife sitilimva. Mukamuona akudzikhuza pa mwendo wa tebulo, pa ngodya ya khoma kapena pa miyendo yanu, ndiye kuti akupaka fungolo. Nyumba yomwe wakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi imakhala yodzaza ndi zizindikiro zake zomuuza kuti pano ndi pake ndipo palibe choopsa. Nyumba yatsopano ilibe chizindikiro chake ngakhale chimodzi, mwinanso ili ndi fungo la mphaka kapena galu wa anthu amene atulukamo. Choncho akathawa, sikuti wakukanani. Akufunafuna kwawo, ndipo kwawo sikudafike kumene mwamubweretsa.

“Nanga poti ndi pafupi, si bwino?” ndidafunsa motero.

“Kufupikako ndiye vuto, achimwene,” adayankha. “Mukadasamukira ku Mangochi, sakadadziwa kolowera. Koma apa akangotuluka n'kupeza njira yomwe adayendamo kale, abwerera ku Chinamwali, ndipo pakati pake pali msewu wa galimoto ndi agalu. Mutsekereni m'nyumba masabata atatu. Ena amati awiri akwana, koma kwa inu osamukira pafupi, ngakhale anayi si ambiri.”

Ntchito idayamba kutatsala sabata kuti tisamuke. Ndidagula dengu lolimba lansungwi, lalikulu moti mphaka n'kutembenukamo, ndipo chivundikiro chake chidali lichero lomwe ndidakonza zolimangirira ndi chingwe mbali zinayi. Thumba ndidalikana, chifukwa m'thumba mphaka sapeza popondera, mpweya umachepa, ndipo kutentha kungamuphe. Katoni nayonso siithandiza: akaikodzera imafewa, ndipo zikhadabo zimaiboola. Dengulo ndidaliika pabalaza lili chitsegukire, m'kati mwake nditayala chitenje chakale cha mayi chomwe Utaka ankagonapo. Chitenjecho sitidachichape, ndipo ndidaletsa aliyense kuchichapa. Tsiku lililonse ndinkaponyamo usipa uwiri kapena utatu. Pofika tsiku lachinayi adali atayamba kugonamo masana mwa kufuna kwake.

Usiku wa tsiku lomaliza tidamutsekera m'chipinda chimodzi chomwe tidachotsamo kale katundu. Ichi ndi chinthu chimene ambiri amachiphonya. Mphaka amathawa msamuko usadayambe: akangoona mabedi akumasulidwa ndi anthu achilendo akulowa ndi kutuluka, amakabisala kwa aneba, ndipo lole ikadzadza mwini wake amayenera kusankha pakati pa kudikira mphaka ndi kulipira woyendetsa ola lina. Pa chitseko ndidamatapo pepala lolembedwa kuti asatsegule, ndipo kiyi ndidaika m'thumba langa. M'mawa sitidampatse chakudya, tidangomusiyira madzi, chifukwa mphaka wokhuta amasanza m'galimoto. Katundu yense atakwera, ndidalowa m'chipindamo ndekha, n'kutseka chitseko kumbuyo kwanga, n'kumuika m'dengu. Ndidamanga lichero, n'kuphimba dengulo ndi nsalu yopepuka kuti asamaone za panja. Dengu lidakwera kutsogolo, pa miyendo panga. Adalira njira yonse, ndipo mwana wanga adandichonderera kuti nditsegule pang'ono kuti amusisite. Ndidakana. Dengu silitsegulidwa panjira, ngakhale mphaka alire motani.

Ku nyumba yatsopano ndidali nditapitako dzulo lake kukakonza chipinda chaching'ono cha kumapeto. Ndidaphunzira kuyang'ana chipinda ndi maso a mphaka. Nyumba zathu zambiri zilibe siling'i, ndipo pakati pa khoma ndi malata pamatsala mpata. Mphaka akakwera pa kabati amafika pamwamba pa khoma, n'kuyenda mpaka kupeza potulukira. Mwamwayi chipindacho chidali ndi siling'i, koma pangodya ina padali bowo lomwe ndidalitseka ndi kathabwa. Zenera lidali la magalasi opingasa aja, ndipo galasi limodzi lidali losweka. Zitsulo zotchinga akuba sizitchinga mphaka, pakuti pomwe mutu wake wadutsa, kawirikawiri thupi lonse limatsatira. Ndidakhomerapo waya wa sefa kuti mpweya uzilowa koma iye asatuluke.

M'chipindamo ndidaikamo zinthu zinayi. Choyamba chidali beseni lakale lalikulu lomwe ndidathiramo mchenga wouma wa kumtsinje, kuya kwake ngati masentimita 5, kuti likhale chimbudzi chake. Chachiwiri chidali mbale zake zakale zomwezo, ya madzi ndi ya chakudya, zomwe ndidaziika kungodya ina kutali ndi beseni, popeza mphaka sakonda kudyera pafupi ndi pomwe amadzithandizira. Chachitatu chidali katoni yogoneka cham'mbali yoti azibisalamo. Chachinayi chidali chipika cha mtengo chokhala ndi makungwa ake, choti azinolerapo zikhadabo. Dengu ndi chitenje cha mayi zidatsalanso momwemo. Ndidadikira mpaka onyamula katundu atapita ndi zitseko zonse zitatsekedwa, ndipo pamenepo ndidamasula lichero n'kutuluka. Sindidamukoke. Adatuluka yekha usiku, tonse titagona.

Tsiku lachitatu mayi a kunyumba adandiyitanira kukhitchini, nkhope ili yakugwa. Utaka adali atalira usiku wonse, akukanda chitseko.

“Abambo, kodi sitikuchimwa apa?” adatero. “Mwaiwala za mayi uja adalangidwa chifukwa cha mphaka?”

Sindidaiwale. Ndi hadisi yodziwika, yopezeka m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, momwe Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, adasimba za mkazi amene adalowa kumoto chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa. Usiku umenewo nkhaniyi idandisowetsa tulo. Koma nditaisinkhasinkha bwino ndidaona pomwe padagona mlandu wa mkaziyo: sadampatse chakudya kapena madzi, komanso sadamumasule kuti akadzifunire yekha. Phunziro lomwe ndidatolapo ndi lakuti amene watseka chitseko wasenza udindo wa zonse zimene nyamayo ikadadzipezera panja. Kuyambira pamenepo ndidaleka kuona chipindacho ngati ndende. Ndidayamba kuchiona ngati ngongole yomwe ndiyenera kubweza tsiku ndi tsiku: madzi atsopano m'mawa uliwonse, chakudya m'mawa ndi madzulo, kuchotsa zonyansa m'beseni kawiri pa tsiku, kusintha mchenga wonse pakatha masiku atatu, ndiponso kukhala naye m'chipindamo mphindi makumi awiri kapena atatu madzulo, nditakhala pansi, osamukakamiza kubwera kwa ine.

Bambo wa ziweto uja adandiuzanso za malire a kupirira. Mphaka kubisala, kulira usiku, ndi kudya pang'ono masiku oyamba si zodabwitsa. Koma akatha masiku awiri athunthu osalawa kanthu, pamafunika dokotala wa ziweto, chifukwa mphaka akakhala nthawi yaitali osadya chiwindi chake chimawonongeka, makamaka ngati ndi wonenepa. China choopsa kwambiri chimagwera amphaka aamuna: akamapita ku beseni kawirikawiri, n'kumadzikakamiza koma mkodzo osatuluka, ndiye kuti njira yatsekeka, ndipo izi sizidikira mawa. Utaka tsiku loyamba sadadye. Tsiku lachiwiri madzulo ndidatenthetsa pang'ono usipa wophika wopanda mchere kuti fungo likwere, ndipo adadya theka. M'mawa mwake ndidapeza mchenga wonyowa, wokwiriridwa bwino. Sindinkadziwa kuti munthu angasangalale chotero ndi mkodzo wa mphaka.

Tsiku lachisanu adayamba kudzinyambita thupi lonse ali pakati pa chipinda, osati m'katoni, ndipo ndikalowa ankandichingamira mchira uli chilili. Zimenezi ndi zizindikiro zakuti mantha ayamba kutha. Apa ndidayamba ntchito yomwe ana adaiseka kwambiri. Ndinkatenga kansalu kofewa, n'kumusisita nako m'masaya ndi pachibwano, kenako n'kukapaka kansaluko pa ngodya za makoma, pa miyendo ya mipando ndi pa mafelemu a zitseko m'nyumba monse, pa msinkhu wa mutu wake. Ndinkachita zimenezi kamodzi pa tsiku. Cholinga chidali chakuti akadzatuluka m'chipindamo adzapeze fungo lake litamutsogolera. Tsiku lachisanu ndi chiwiri tidatseka mazenera onse ndi zitseko za panja, n'kumutsegulira kuti ayendere nyumba. Adayenda mimba ili pafupi ndi pansi, akununkhiza chilichonse, ndipo patapita mphindi zochepa adathamangira m'chipinda chake. Tsiku lotsatira adakhalitsako pang'ono.

Mneba wathu watsopano, amene adakhalapo ku Joni, adatilangiza kuti timupake majarini kumapazi, ati akamanyambita amaiwala kwawo kwakale. Ndidathokoza, koma sindidachite. Majarini sachotsa chikumbumtima cha malo, amangodetsa pansi ndi kuwonjezera mantha pa nyama yomwe yagwidwa miyendo mokakamiza.

Tsono pa tsiku lachisanu ndi chinayi ndidalakwitsa ndine. Usiku umenewo tidamulola kugona pabalaza, poona kuti wayamba kuzolowera. M'bandakucha ndidamva azana, ndidatawaza, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo mumdima, maganizo ali ku swala ya Fajiri. Ndidangomva kanthu kofewa kakukhudza mwendo wanga. Pomwe ndimayatsa tochi n'kuti pabwalo pali zii.

Nditabwerako ku mzikiti ndidapeza mwana wanga atakhala pakhonde, atafumbata chitenje cha agogo ake. Sadalire mokweza, ndipo sadandinene. Adangofunsa kuti, “Ababa, mudatseka bwanji mochedwa?” Funsolo lidandilasa kuposa kulira.

Apa ndidalakwitsanso kachiwiri. Ndidakwera njinga ya kabaza kuthamangira ku Chinamwali, ndikuganiza kuti wabwerera. Ndidazungulira nyumba yakale, ndidafunsa aneba, ndidataya m'mawa wonse. Nditamuimbira bambo wa ziweto uja, adandidzudzula mofatsa. Adati mphaka amene wathawa ndi mantha pa malo osawadziwa kawirikawiri sayamba ndi ulendo wautali. Amalowa pobisalira poyamba pomwe wapeza, n'kukhala chete, ndipo ngakhale mwini wake amuyitane ali pafupi, sayankha. Kubwerera ku nyumba yakale kumadza pambuyo, mantha akachepa. Choncho pofunika kuyambira ndi pakhomo pomwepo ndi nyumba zitatu kapena zinayi zoyandikana, kusuzumira pansi pa chilichonse, osati kuyenda mumsewu n'kumakuwa dzina.

Masana tidapempha chilolezo kwa aneba kuti tiyang'ane m'mipanda mwawo. Kupemphako kudali ndi phindu lina. M'madera mwathu alipo anthu amene akaona mphaka wachilendo usiku amamuganizira zaufiti n'kumugenda, ndipo ena amatchera mankhwala a makoswe kuseri kwa nyumba. Ndidafuna kuti adziwe kuti mphaka wotuwayo ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi ine. Tidaika chitenje chija ndi mchenga pang'ono wa m'beseni lake pafupi ndi chitseko, kuti fungo lake limulondolere. Ana ndidawaletsa kuthamanga ndi kukuwa.

Dzuwa litalowa, phokoso la m'mudzi litachepa, ndidatenga tochi, mbale yake yachitsulo ndi supuni. Mayi anga ankamuyitana pogogoda mbale ndi supuni katatu asadampatse chakudya, ndipo ife tidapitiriza mwambowo osauganizira. Ndidayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda, ndikugogoda katatu, n'kuima, n'kumvetsera. Kuseri kwa bafa la aneba a kumanzere kudali mulu wa malata akale ndi njerwa. Nditaunika pansi pake ndidaona maso awiri akunyezimira. Adali pa mtunda wosakwana mamita 20 kuchokera pa chitseko chomwe adatulukira, ndipo masana tidadutsa pomwepo kawiri. Sindidatambasule dzanja kuti ndimugwire, chifukwa mphaka wamantha akagwidwa mwadzidzidzi amaluma n'kuthawira kutali. Ndidakhala pansi, n'kuika usipa m'mbale, n'kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nthawi ngati theka la ola adatuluka, ndipo ali pakati pa kudya ndidamufunditsa thaulo n'kumuika m'dengu lomwe mwana wanga adabwera nalo mwakachetechete.

Tidayambiranso kuwerenga masabata atatu kuchokera tsiku limenelo. Tidakhazikitsanso lamulo la zitseko ziwiri: chitseko cha panja sichitsegulidwa pokhapokha wina atatsimikiza kuti Utaka ali kuseri kwa chitseko china chotseka. Usiku ankagona m'chipinda chake, ndipo ine ndisadapite ku Fajiri ndinkayamba ndayesa chitseko chimenecho ndi dzanja. Pa masabata amenewa ndidamubayitsanso katemera wa chiwewe, poti kunja kudali agalu osawadziwa. Mwayi wina udali wakuti mayi adamutseketsa kubereka zaka ziwiri m'mbuyomo. Mphaka wosafula, makamaka wamwamuna, amayenda mtunda wautali kusaka akazi ndi kumenyana ndi anzake, ndipo kumusunga pakhomo latsopano kumavuta kwambiri. Amene akukonzekera kusamuka ndi mphaka wotero achite bwino kuonana ndi dokotala wa ziweto nthawi ikadalipo.

Tsiku lomutulutsa tidalisankha mosamala. Lidali Loweruka m'mawa, kunja kuli bata, kopanda mvula kapena mabingu, tonse tili pakhomo. Chakudya cha m'mawa sitidampatse, kuti njala ikhale chingwe chomukokera kunyumba. Ndidatsegula chitseko cha kukhitchini n'kukhala pakhonde. Sindidamunyamule kupita naye pabwalo, chifukwa mphaka ayenera kuyenda yekha kuchoka pa chitseko kuti adziwe njira yobwererera. Adaima pakhomo nthawi yaitali, mphuno ikugwedera. Kenako adatsika, nanunkhiza mtondo, nadzikhuza tsaya pa ngodya ya khonde. Chitseko chidakhala chotsegula nthawi yonseyo. Patatha mphindi khumi ndidagogoda mbale katatu, ndipo adabwera chothamanga. Adadya, ndipo ndidatseka chitseko. Mawa lake tidamulola theka la ola, mkuja wake ola lathunthu. Tsiku lachinayi adakwera mpanda n'kuzimiririka, ndipo mwana wanga adandigwira dzanja mwamphamvu. Tidadikira osamuthamangira. Adatulukira yekha patapita mphindi makumi anayi. Kwa mwezi wina wathunthu sitidamulole kugona panja.

Ndidapitanso ku Chinamwali kukalankhula ndi anthu amene adalowa m'nyumba yakale. Ndidawapempha kuti akadzaona mphaka wotuwa asadzampatse chakudya kapena kumulowetsa m'nyumba, koma adzandiimbire foni. Chifundo cha anthu a nyumba yakale ndicho chimamaliza kusokoneza mphaka, pakuti akapeza chakudya kumeneko saonanso chifukwa chobwerera. Sindinganene kuti njira imeneyi siilephera. Alipo amphaka amene amabwererabe kwawo kwakale kawiri kapena katatu, ndipo mwini wake amayenera kukawatenga n'kuyambiranso kuwatsekera nthawi yotalikirapo. Kwa ife foniyo siidalirepo.

Chitenje cha mayi tidachichapa patapita miyezi itatu. Adachichapa ndi mwana wanga mwini, atandifunsa kawiri ngati nthawi yake yakwana. Ndidamuuza kuti akayang'ane ngodya ya khoma la kukhitchini, pa msinkhu wa bondo lake, pomwe laimu adayamba kuda chifukwa cha tsaya la Utaka. Adapita kukaona, nabwera kudzatenga sopo.